Mjigo watuluka fumbi, mwini ndalama akufunsa: timulembere chiyani?

"Ndine mlembi wa kagulu ka anthu a ku Ntcheu amene tikukhala kuno ku Joni. Mayi wina wa ku Randburg, yemwe mmodzi wa ife amawagwirira ntchito, anatipatsa R120,000 yoboolera mjigo kumudzi, ndipo tinawalonjeza kuti pofika Seputembala anthu adzakhala akutunga. Oboola anafika mamita 55 osapeza madzi, n'kupakira makina awo. R65,500 yapita kale. Pano ndi Novembala ndipo mayiwo afunsa kawiri kuti ntchito ili pati. Atcheya akuti tikhale kaye chete mpaka tipeze nkhani yabwino, kapena tingotumiza zithunzi za makina ali mkati moboola. Imelo yotereyi imalembedwa bwanji?"

Achemwali, imeloyo ituluke sabata ino, ndipo atcheya muwauze mwaulemu kuti pamenepa aphonya. Dzenje louma si mlandu. Aliyense amene wakhala pa ntchito ya mijigo amadziwa kuti pena umaboola n'kupeza fumbi lokhalokha, ngakhale unapima malo bwinobwino. Chimene chimasanduka mlandu ndi miyezi ya zii imene imatsatira. Munthu amene wafunsa kawiri osayankhidwa sakhala chabe, amadziyankha yekha, ndipo yankho limene amafikapo ndi lakuti ndalama zadyedwa. Akafika pamenepo, ngakhale mudzabwere ndi marisiti odzaza envulopu, adzawawerenga ngati munthu wofufuza wakuba.

Za zithunzi za makina zija, musayerekeze n'komwe. Chithunzi cha makina ali kuboola, chotumizidwa mu Novembala popanda mawu onena kuti dzenjelo linauma, ndi bodza, ngakhale musalembe liwu limodzi labodza. Mayiwo adzachiona n'kuganiza kuti ntchito ikuyenda, ndipo tsiku lodzadziwa zoona adzakumbukira kuti munkadziwa kale pamene munkatumiza. Muganizirenso mnzanu amene amalowa m'nyumba mwawo m'mawa uliwonse. Iyeyo ndiye akufunsidwa maso ndi maso, ndipo chikhulupiriro chikatha ndi ntchito yake imene ili pachiswe. Gulu lilibe ufulu womuika pamoto chonchi chifukwa choti komiti ikuchita manyazi. Ukabisa matenda, maliro adzakuulula.

Koma musathamangire pa foni n'kuyamba kulemba lero lomwe. Tengani masiku awiri kapena atatu kusonkhanitsa zinthu zinayi: kontirakiti imene munasainirana ndi oboola, lipoti la amene anapima malo, pepala la oboola lolemba zimene ankapeza mita iliyonse, ndi sitetimenti ya kubanki pamodzi ndi marisiti onse. Imelo yolembedwa popanda zinthu izi imadzaza mawu opepesa chifukwa wolembayo alibe china choti anene.

Pepala la oboola lija ndi limene magulu ambiri saliitanitsa, chonsecho ndi limene limayankha funso lalikulu la wopereka ndalama. Kontirakita wodziwa ntchito amalemba kuti kuchokera pamwamba mpaka mamita akuti linali dothi, kuchokera apo mpaka apo unali mwala wofumbutuka, ndipo kuyambira pakuti anagunda thanthwe lolimba. Amalembanso ngati penapake panatuluka chinyontho. Madera ambiri okwera a ku Malawi, Ntcheu ali momwemo, pansi pake ndi thanthwe lakalekale, ndipo madzi amakhala m'gawo lofumbutuka la pamwamba pa thanthwelo ndi m'ming'alu yake. Ngati gawo lofumbutukalo ndi lopyapyala, ndipo chitsulo sichinakumane ndi mng'alu, mutha kutsika mamita 55 kapena 70 osapeza kanthu. N'chifukwa chake kuuza mayiwo kuti "tikangowonjezera mamita khumi madzi atuluka" ndi lonjezo lopanda maziko. M'thanthwe lolimba kutsika kwambiri nthawi zambiri kumangowonjezera bilu. Chothandiza ndi kusuntha malo, mwina mamita mazana angapo, kupita pamene makina opimira asonyeza kuti mwala wofumbutuka ndi wochindikala. Mukumbukirenso kuti mjigo wa Afridev, umene uli m'midzi yambiri kwathu, anaupanga kuti uzikoka madzi kuchokera pa mamita osapitirira 45, ndiye madzi okhazikika pansi kwambiri kuposa apo sakuthandizani ndi mjigo umenewu.

Pali funso lina limene muyenera kudzifunsa nokha mayiwo asanakufunseni: kodi anaboola pamene wopima analoza? Zimachitika kawirikawiri kuti wopima wakhoma chikhomo kumunsi kwa mudzi, koma tsiku loboola anthu akuti kumeneko n'kutali, kapena ndi munda wa uje amene sagwirizana ndi amfumu, ndiye makina aime pafupi ndi bwalo. Ngati ndi zimene zinachitika, zilembedwe mu imelo mosabisa, ndipo zilembedwe ngati cholakwa cha komiti yanu. Musaloze chala amfumu kapena anthu akumudzi. Ndalama zinaperekedwa kwa inu, kontirakiti munasaina ndinu, udindo woonetsetsa kuti chitsulo chalowa pa chikhomo unali wanu. Ine zimandipweteka ndikamawerenga malipoti amene anthu a kuno amanyoza abale awo kwa mlendo, kuti anthu akumudzi samva, ndi osaphunzira, amakhulupirira zamatsenga. Wopereka ndalama akawerenga zimenezo samakumverani chisoni ayi, amangoona kuti mudzi umenewo si woyenera kuikamo ndalama, ndipo mwatsekera khomo ngakhale sukulu kapena chipatala chimene chikanadzapempha mawa.

Kontirakiti nayo iwerengedwe ndi maso awiri. Mapangano oboola mijigo amakhala amitundu iwiri. Wina ndi woti mumalipira mtengo umodzi pa mjigo wotulutsa madzi, dzenje likauma kontirakita salandira kanthu kapena amaboola lina mwaulere. Mtengo wake umakwera chifukwa iye amaikiratu chiopsezocho m'kati. Winawo ndi wolipira pa mita, kuphatikiza ndalama yobweretsera makina, madzi apezeke asapezeke. Poona kuti ndalama zanu zinapita, muyenera kuti munali pa wachiwiriwu, kapena munalibe pepala lililonse koma mawu a pa WhatsApp. Chilichonse mwa izi, mayiwo auzidwe m'chiganizo chimodzi, chifukwa adzadabwa kuti munthu walipidwa bwanji pa ntchito yopanda madzi. Ngati kontirakiti ikunena kuti dzenje louma ndi la kontirakita, ndiye kuti nkhani yanu ndi ina: muli ndi ngongole yoti mulonjerere, ndipo imelo inene tsiku limene munamulembera kalata ndi chimene anayankha. Apanso musamutchule wakuba ngati mulibe umboni. Lembani zimene zinachitika ndi masiku ake, mayiwo adziweruzira okha.

Tsopano ndalama, pamene malipoti ambiri amagwera. Lamulo ndi losavuta: zimene munalandira, kuchotsa zimene mwagwiritsa ntchito, zifanane ndendende ndi zimene zili ku akaunti tsiku lolemba. Kwa inu ndi R120,000 kuchotsa R65,500, kutsala R54,500. Ngati sitetimenti ikusonyeza R54,500, lembani. Ngati ikusonyeza R49,000, musatumize imelo mpaka mutadziwa kumene R5,500 inapita, ndipo mukadziwa mulembe. Wopereka ndalama aliyense, ngakhale amene sadziwa kanthu za miyala ndi mapaipi, amadziwa kuchotsera.

Ndikudziwa kumene ndalama zotere zimakonda kupita m'magulu athu a kuno. Kwagwa maliro ku Rosettenville kapena ku Diepsloot, thupi liyenera kupita kumudzi, thumba la maliro laperewera, ndipo wina akuti tibwereke kaye za mjigo tidzabweza kumapeto kwa mwezi. Mtima wake ndi wabwino, palibe amene angakane. Koma ndalamazo si zanu zoti mubwerekane. Zinaperekedwa pa ntchito imodzi, ndipo kuzisunthira kwina popanda chilolezo cha mwini, ngakhale kwa sabata imodzi, ndi chinthu chimene mabungwe opereka thandizo amathetsera ubale nthawi yomweyo. Ngati zinachitika, bwezani ndalamazo imelo isanapite, ndipo muzinenebe, chifukwa sitetimenti idzaonetsa kutuluka ndi kulowa kwake. Kuyambira lero R54,500 yotsalayo isakhudzidwe mpaka mayiwo ayankhe molemba. Ngati ili mu akaunti ya msungichuma payekha, monga zimakhalira m'magulu amene sanalembetse, nenani choncho, ndipo potumiza sitetimenti mubise mizere ya zinthu zake zapakhomo n'kufotokoza chifukwa chake mwabisa.

Chinthu china chimene chimasokoneza ndi kusakaniza randi ndi kwacha. Mayiwo anapereka marandi, lipoti likhale m'marandi kuyambira pamwamba mpaka pansi. Marisiti a ku Malawi ali m'makwacha, ndiye pa risiti iliyonse lembani pambali kuti ndi marandi angati, pogwiritsa ntchito mtengo wosinthira wa tsiku limene munatumiza ndalamazo. Mtengowo uli pa uthenga kapena risiti ya Mukuru, Mama Money kapena banki imene munadzera. Musatenge mtengo wa lero n'kuwerengera zimene munagula mu Ogasiti, manambala sadzagwirizana ndipo mudzaoneka ngati mukubisa kanthu. Ndalama yotumizira nayo ikhale ndi mzere wakewake, isamwazikire m'zinthu zina. Ndipo mukamanena kuti mitengo yakwera, nenani chinthu chenicheni ndi mitengo yake iwiri, wakale ndi watsopano. Tonse tikukumbuka Novembala 2023 pamene Reserve Bank of Malawi inagwetsa kwacha ndi 44 peresenti, dola n'kuchoka pa K1,180 kufika pa K1,700, ndipo mapaipi, dizilo ndi simenti zinakwera motsatira. Koma munthu amene ali ndi marandi angakufunseni kuti, kwacha ikagwa si ndiye kuti randi yanga ikugula makwacha ambiri? Funsolo ndi loona. Choncho mawu oti "chuma cha Malawi chavuta" sakwanira. Chimene chimamveka ndi kunena kuti kuboola kunali R70,000 pa koteshoni yoyamba, pano ndi R74,000, ndipo makoteshoni onse awiri ndi awa.

Mmene imeloyo iyenera kuyendera

Nkhani yoipa ikhale m'mizere itatu yoyamba. Mwambo wathu ndi woyamba ndi malonje, moyo, mvula, kuthokoza, kenako nkhani, ndipo pakamwa ndi mwambo wabwino. Koma imelo imawerengedwa pa foni, munthu ali pakati pa zinthu zina, ndipo akapeza dzenje louma pa ndime yachisanu pambuyo pa matamando anayi amamva ngati mumamunyengerera. Moni wa chiganizo chimodzi ndi wokwanira. Kenako zinthu zitatu motsatizana: madzi sanapezeke, ndalama zotsala ndi izi, tikupempha chiganizo chanu pa chakuti. Munthu atati awerenge pokhapo n'kutseka foni, akhale atadziwa zonse zofunika. Ngakhale pa mzere wa `Subject` musalembe "Moni" kapena "Lipoti" chabe, lembani chimene chachitika.

Mawu ozemba achoke onse. "Takumana ndi zovuta zina ndi zina", "ntchito yachedwa pang'ono", "zinthu sizinayende monga tinkayembekezera", onsewa sanena kanthu, ndipo wowerenga amadziwa kuti sanena kanthu dala. Kupepesa kukhale kamodzi, pa chinthu chenicheni. Pa dzenje louma mulibe chopepesa ngati munatsata wopima, koma pa kukhala chete miyezi iwiri ndi kusaina kontirakiti yopanda ndime ya dzenje louma, pamenepo pepesani. Kupepesa kasanu kumapangitsa mayiwo kuyamba kukutonthozani inu, m'malo moganiza za mjigo.

Chimene ndikuumirira kwambiri ndi tsiku latsopano. Munthu amene waphonya lonjezo amafuna kufafaniza manyazi ndi lonjezo lina lapafupi, ndiye mudzamva mu komiti wina akuti tiwauze kuti pofika Khirisimasi madzi atuluka. Musalole. Mvula ikuyamba, galimoto yonyamula makina ndi yolemera ndipo imatitimira m'misewu yafumbi ya kumudzi. Choopsa china n'chakuti nthawi ya dzinja madzi apansi amakwera, moti mutha kuboola mu Febuluwale, madzi n'kutuluka ambiri, anthu n'kululutira, koma pofika Okutobala mjigo n'kumangotulutsa mpweya. Nthawi yodalirika ndi yachilimwe, makamaka Ogasiti mpaka Okutobala, pamene madzi ali pansi penipeni. Mukawapeza nthawi imeneyo mwayi ndi waukulu woti akhalapo chaka chonse. Mayiwo akamva chifukwa chimenechi adzamvetsa kudikira, chifukwa n'zoonekeratu kuti mukuteteza ndalama zawo. Ndipo ngakhale pa Ogasitiyo, musalonjeze madzi. Lonjezani zimene zili m'manja mwanu: tsiku lopima, tsiku losaina, tsiku loboola, tsiku la lipoti lotsatira. Madzi sali m'manja mwa munthu, ndipo kuyesa kwachiwiri kuthanso kuuma. Chiganizo chimenecho chilembedwe, chisasiyidwe.

Musapemphe ndalama zina mu imelo yomweyi. Sonyezani kuti pakupelewera zingati ndi mmene gulu likuganizira kuzipeza, basi. Mayiwo akafuna kuwonjezera adzanena okha. Imelo imene ikuti "dzenje lauma, tumizani R50,000 ina" imaoneka ngati kuti chifukwa chokha chimene mwatsegulira pakamwa ndi kupempha.

Nachi chitsanzo. Manambala a m'kati mwa R65,500, masiku ndi chiwerengero cha mamembala ndangoyerekeza, muikemo anu enieni. Mudzachitembenuzira m'Chingelezi, koma ndondomeko yake isasinthe.

Mutu: Mjigo wa ku Ntcheu: dzenje loyamba lauma, R54,500 yatsala, tikupempha chiganizo chanu

Mayi, tikukhulupirira muli bwino. Tili ndi nkhani yosakoma. Oboola anafika mamita 55 pa 12 Seputembala ndipo madzi sanapezeke, choncho mudzi ulibe mjigo mpaka pano. Pa R120,000 imene munatipatsa tagwiritsa ntchito R65,500, ndipo R54,500 ili ku akaunti, sitiikhudza mpaka mutayankha. Tikupepesa kuti sitinakuuzeni mu Seputembala momwemo, ndiponso kuti mwafunsa kawiri osayankhidwa.

Chimene chinachitika: anaboola pamalo amene wopima analoza. Pepala la oboola likusonyeza kuti anagunda thanthwe lolimba pa mamita 18 ndipo sanakumane ndi mng'alu wa madzi. Kontirakiti yathu inali yolipira pa mita, inalibe ndime ya dzenje louma, ndiye tinalipira. Kusaika ndime imeneyo kunali kulakwa kwa komiti yathu.

Ndalama zinayenda motere: kupima malo R8,000, kubweretsa makina ndi kuboola R38,000, mjigo wa Afridev ndi zitsulo zake R17,000, zotumizira ndalama R2,500. Mjigowo ndi watsopano, ukusungidwa ku nyumba ya msungichuma wa komiti ya madzi ya m'mudzi, ndipo udzagwira ntchito pa dzenje lina.

Kuti timalize pakufunika R104,500: kupimanso R8,000, kuboola ndi mapaipi R74,000, simenti ya pamjigo ndi ngalande R11,000, kuyeza madzi ndi kuphunzitsa komiti R9,000, zotumizira R2,500. Ndiye kuti pakupelewera R50,000. Koteshoni ya kuboola ndi ya mwezi uno ndipo itha kusintha pofika chaka chamawa.

Njira zilipo zitatu. Yoyamba, kuyesanso malo ena mu Ogasiti, mvula itatha. Mamembala athu 25 avomera kusonkha R250 aliyense pa mwezi kuyambira Disembala mpaka Julayi, zimene zikukwana R50,000. Kontirakiti yatsopano idzanena za dzenje louma tisanalipire kanthu. Dzenje lachiwiri lithanso kuuma. Yachiwiri, kugwiritsa ntchito ndalama zotsala kukonza mjigo wakale wowonongeka wa m'mudzi woyandikana, ngati ofesi ya madzi ya boma la Ntcheu itsimikiza kuti dzenje lake likadali ndi madzi. Yachitatu, kukubwezerani R54,500. Ife tikukonda yoyamba, koma chiganizo ndi chanu.

Tikupempha yankho pofika 30 Novembala, ndipo tili okonzeka kubwera kudzafotokoza pamaso. Lipoti lotsatira tidzatumiza pa 15 Januwale, kaya pali chatsopano kaya palibe.

Imelo yonse ndi imeneyo, ndipo isatalike kuposa apo. Onani kuti manambala onse akugwirizana: zinayi zoyamba zikukwana R65,500, zisanu zachiwiri R104,500, kuchotsa R54,500 kutsala R50,000. Musanatumize, munthu wina amene sanalembe nawo atenge kakyuleta awonkhetse yekha. Nambala imodzi yolakwika mu imelo yotere imawononga zonse zimene mwavutikira kulongosola.

Chiganizo cha masonkhedwe chija musachilembe ngati mamembala sanavomere pa msonkhano. Ambiri mwa anthu athu kuno ali pa maganyu, ena mwezi wa Disembala mabwana amapita kutchuthi ndipo malipiro amaduka, ena amakwera basi kupita kumudzi ndi kandalama konse. Ngati anthu amene angakwanitsedi ndi 15, lembani 15, muwerengere kuti zikwana zingati, ndipo munene kuti zotsalazo simunazipezere njira. Ndi bwino mayiwo aone dzenje la R20,000 m'bajeti lero kusiyana n'kudzalipeza mu Julayi makina ataitanidwa kale.

Njira yachitatu, yobweza ndalama, ndi imene atcheya adzakane kwambiri, adzati mukuwapatsa mayiwo maganizo. Isiyeni momwemo. Maganizowo ali nawo kale, ndipo ufulu wofuna ndalama zawo zotsala ali nawo, mulembe musalembe. Kuitchula nokha ndi umboni wamphamvu kuposa wina uliwonse woti ndalamazo zilipodi. Njira yachiwiri nayo ili ndi chifukwa chake chokhalira mu imelo m'malo mongochitidwa: kukonza mjigo wakale ndi ntchito yabwino, koma si imene ndalama zinaperekedwera, ndiye ikufunika chilolezo cholembedwa. Mawu oti "chitani zimene mukuona kuti n'zabwino" onenedwa m'khitchini kwa mnzanu wogwira ntchito uja si chilolezo. Apempheni ayankhe pa imelo, ngakhale mzere umodzi.

Pa kontirakiti yatsopanoyo, popeza mwalonjeza mu imelo, dziwani chimene mukulonjeza. Inene kuti mjigo wopambana ndi wotani, osati kungoti madzi atuluke. Pa mjigo wa manja ambiri amafuna malita pafupifupi 900 pa ola, ndiko kuti ndowa 45 za malita 20, ndipo zimenezi zimatsimikizika popopa madzi kwa maola angapo mosalekeza n'kuona ngati akubwerera. Inene kuti dzenje likauma alipira ndani, zingati. Ndalama ziperekedwe m'magawo, gawo lomaliza madzi atayezedwa ndi mjigo utamangidwa. Ndipo ulendo uno dzerani ku ofesi ya madzi ya kwa DC, muonetsetsenso kuti woboola ndi wolembetsedwa ku National Water Resources Authority, bungwe limene linakhazikitsidwa ndi lamulo la madzi la 2013. A ku ofesiyo amadziwa mijigo yozungulira, kuya kwake ndi imene inauma, ndipo chidziwitso chimenecho wopima wachiwiri akufunika kukhala nacho asanakhome chikhomo. Mupatseninso pepala la dzenje loyamba, chifukwa R38,000 ija inagula chinthu chimodzi chothandiza, kudziwa pamene thanthwe lili.

Zomata pa imelo zikhale zochepa ndi zooneka bwino: sitetimenti, marisiti, pepala la oboola, kontirakiti, koteshoni yatsopano. Ziikeni mu PDF imodzi kapena ziwiri, musatumize zithunzi makumi atatu zojambulidwa mopendekeka usiku. Zithunzi zenizeni zikhale zitatu, chilichonse ndi tsiku lake: makina ali pamalo, dzenje lotsekedwa, ndi mjigo uli m'nyumba mmene ukusungidwa. Chachiwiricho n'chofunika pa chifukwa chinanso, dzenje losiyidwa pululu ndi ngozi ndipo limalowetsa zonyansa pansi, ndiye funsani kumudzi ngati linakwiriridwa n'kutsekedwa ndi simenti. Zithunzi za ana atanyamula zigubu ndi nkhope zachisoni zisiyeni. Makolo awo sanavomere kuti ana awo azizungulira m'mafoni a ku Joni, ndipo mayiwo anaona kale vuto la madzi, n'chifukwa chake anapereka.

Imelo ichokere kwa inu mlembi, atcheya ndi msungichuma akhale pa `Cc` kuti mayiwo aone kuti ndi mawu a komiti yonse. Mnzanu wogwira ntchito kwawo adziwitsidwe tsiku ndi ola limene ikupita, aiwerenge isanapite, koma asakhale iye wonyamula uthenga kapena woyankha mafunso a ndalama. Akafunsidwa anene kuti komiti yalemba ndipo ili yokonzeka kubwera. Tumizani m'mawa wa tsiku lantchito, kenako patatha tsiku limodzi atcheya aimbe foni kufunsa ngati yafika ndi kupempha nthawi yokumana. Pokumanapo mupite awiri kapena atatu ndi mapepala enieni m'manja.

Ngati atcheya akanitsitsa, itanani msonkhano wa komiti Lamlungu likubwerali, werengani imeloyo mokweza, anthu avote, ndipo zilembedwe m'maminitsi. Mayiwo akapanda kuyankha pofika 30 Novembala, kumbutsani kamodzi ndi uthenga waufupi, ndalama zikhalebe osakhudzidwa, ndipo lipoti la pa 15 Januwale lipite pa tsiku lake ngakhale litakhala la mizere inayi yonena kuti mwasonkha zingati, ku akaunti kuli zingati, ndipo wopima wachiwiri mwamupeza kapena ayi. Akasankha kubwezeredwa, tumizani R54,500 pa banki mkati mwa sabata, musunge umboni wake, ndipo muwafunse molemba ngati mjigo wa R17,000 uja utsale ndi mudzi kapena ugulitsidwe.